Mayi Ginnery akukwanitsa zaka 30: ndilembe chiyani pansi pa chithunzi chake?

"Zikomo, ndithandizeni. Mnzanga wapamtima akukwanitsa zaka 30 Loweruka lino, ndipo ndikufuna kuika chithunzi chake pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndi mawu oseketsa koma osonyeza kuti ndimamukonda. Iye amakhala ku Bangwe, ine ku Chilomoni. Tikapangana zokumana m'tauni, ndikamuimbira amati 'ndili pa Ginnery' pamene sanasambe n'komwe, moti ndinangomupatsa dzina loti Mayi Ginnery. Koma chaka chatha mayi anga atagonekedwa ku Gulupu usiku, iyeyo ndi amene anayamba kufika, fulasiki ya phala ili m'manja. Anthu ena dzinali salidziwa. Ndilembe bwanji kuti asakhumudwe, ena amve nawo, komanso zisatalike?"

Achemwali, pali chinthu chimodzi m'nkhani yanuyi chimene mwina simunachione chifukwa muli nayo pafupi kwambiri. Chipatala cha Gulupu, chimene dzina lake lenileni ndi Queen Elizabeth Central Hospital, chili pa Ginnery Corner pomwepo. Ndiye kuti usiku umenewo mnzanuyo analidi pa Ginnery. Bodza lake lokoma la masiku onse linasanduka zoona pa tsiku limene inu munalifunitsitsa kuti likhale zoona. Mawu anu onse agone pamenepo, ndipo simufunikanso kukasaka nthabwala ina kapena mawu ena achikondi kwina.

Ndakhala ndikuyendetsa mwambo wa maukwati, zinkhoswe ndi maphwando kuno ku Blantyre kwa zaka zambiri, ndipo ambiri amene amapatsidwa mpata woti alankhule za mnzawo amandifunsa zofanana ndi zanuzi. Chimene ndachiona kawirikawiri n'chakuti anthu amatenga nthabwala n'kuiika pamwamba, kenako amatenga mawu achikondi a paliponse, onga "ndiwe mphatso yochokera kwa Mulungu", n'kuwamata pansi. Ziwirizo sizigwirana, zimangokhala ngati mafuta ndi madzi m'botolo limodzi. Wowerenga amaseka pang'ono, kenako amadumpha zotsalazo chifukwa anaziwerengapo kale kwa anthu khumi. Mawu amene amagwira mtima ndi aja amene nthabwala yomweyo imatembenuka n'kukhala umboni wa chikondi. Inu mwapatsidwa mwayi umenewu ndi mbiri yanu yomwe.

Tiyambe ndi kufotokoza dzinalo, chifukwa ambiri amaterereka pamenepa. Pali njira ziwiri zolakwitsira. Yoyamba ndi kusafotokoza konse, kungolemba kuti "Mayi Ginnery, ukudziwa kale" n'kuika tizithunzi ta nkhope zoseka tisanu. Inu awiri museka, koma azakhali ake a ku Ntcheu ndi anzake a kuntchito ayamba kudzilembera okha nkhani. Wina aganiza kuti kuli chibwenzi pa Ginnery, wina aganiza kuti anagwa m'minibasi pamenepo, ndipo mwini tsiku akhalira kuyankha mafunso m'malo modya keke. Dzina lachinsinsi likasiyidwa lopanda chovala pagulu, anthu amaliveka chimene afuna.

Yachiwiri ndi kufotokoza mopitirira. Imaoneka motere: "Kwa amene simukudziwa chifukwa chimene ndimamutchulira Mayi Ginnery, n'chifukwa chakuti nthawi zonse tikagwirizana kuti tikumane amachedwa, ndiye ndikamuimbira foni amanama kuti ali pa Ginnery pamene ali kunyumba, ndipo izi zachitika kambirimbiri." Zonsezo n'zoona, koma taonani chimene chachitika. Mawu oti "amachedwa" ndi "amanama" alowa, ndipo nthabwala yasanduka mlandu wa kwa amfumu. Palibe amene amaseka akamawerengeredwa milandu pa tsiku lake lobadwa.

Kufotokoza kwabwino ndi chiganizo chimodzi chokha, ndipo chizikhala chithunzi chimene munthu angachione ndi maso, osati chigamulo. Yesani ichi: "Akakuuzani kuti 'ndili pa Ginnery', dziwani kuti madzi osamba akadali pa mbaula ku Bangwe." Simunanene kuti ndi wabodza. Simunanene kuti ndi wochedwa. Mwangoika poto wa madzi pa mbaula, wowerenga n'kudzimalizira yekha, ndipo kuseka kumachokera pa kudzimalizirako. Munthu wa mu Blantyre amva kukoma kwake kowirikiza, poti akudziwa ulendo wonsewo: kuchoka ku Bangwe kutsikira ku Limbe, kutsika, kukwera ina, kudikira kuti idzaze, kuyenda mu msewu wa Masauko Chipembere kudutsa pa Chichiri, ndiye kenako Ginnery. Musamuuze zimenezi, akuzidziwa. Ngakhale msuweni wa ku Joni amene sanapondepo ku Bangwe amva ndithu, chifukwa madzi a pa mbaula amawadziwa aliyense.

Kenako pali nkhani ya "iwe" ndi "inu", imene m'Chichewa ili chida chachikulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Inu awiri mumaitanana kuti iwe. Ndiye mukayamba kumulemekeza ngati mayi wamkulu wa mumpingo, "Mayi Ginnery akwanitsa", "akakuuzani", "ndawadikira", ulemu wonyanyirawo pawokha ndi nthabwala, ndiponso umamutchinjiriza, chifukwa mukumuseka kwinaku mutamuveka chilemba. Mbali yoyambayo muziyankhula ndi anthu za iyeyo. Mukafika kumapeto, tembenukani mumuyang'ane iye mwini n'kunena kuti "iwe". Kusintha kumeneku kumamveka ngati munthu amene amaseketsa gulu kenako watsitsa mawu n'kunong'oneza mnzake. Chitani kamodzi kokha. Mukamasinthasintha, uku "iye", uku "iwe", uku "inu", wowerenga sadziwanso amene mukumuyankhula.

Tsopano tiike zonse pamodzi. Ine ndikanalemba chonchi:

Lero Mayi Ginnery akwanitsa zaka 30. Akakuuzani kuti "ndili pa Ginnery", khalani pansi muitanitse tiyi, madzi osamba akadali pa mbaula ku Bangwe. Ndawadikirapo pa Mibawa mpaka makondakitala anayamba kundipatsa moni. Koma usiku wina chaka chatha, zinthu zitandithina, analidi pa Ginnery, fulasiki ya phala ili m'manja, ndisanawaitane kawiri. Iwe, uzichedwa momwe ungafunire, ine ndidzakudikira. Mulungu akusunge, m'bale wanga.

Ndi mawu pafupifupi 60, ndipo chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Choyamba chikunena mwambo wake ndi dzina, kuti amene angowerenga mzere umodzi adziwe kuti ndi tsiku lobadwa. Chachiwiri chikumasula dzinalo. Chachitatu chikukulitsa nthabwala kamodzi, ndipo chikukuikani inuyo m'chithunzicho, kuti zioneke kuti nkhaniyi ndi ya anthu awiri, osati ya munthu mmodzi amene akulozedwa chala. Za pa Mibawazo ndangoyerekeza. Ngati mumadikirira pa Wenela, kapena pa chiwaya cha tchipisi mpaka wogulitsa anadziwa kuchuluka kwa tsabola amene mumakonda, lembani zimenezo. Malo enieni amene iye awakumbukire amaposa malo okongola amene ine ndingapeke.

Pa chiganizo chachinayi ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Onani kuti liwu limene likusenza katundu yense ndi "analidi". Kachidutswa ka "-di" kameneko ndi kamene kakutembenuza nkhani. Musakachotse, ndipo musawonjezere ndemanga pambuyo pake, monga "apa ndi pamene ndinadziwa kuti ndi mnzanga weniweni". Fulasiki yanena kale zimenezo. Mukazinenanso ndi pakamwa mukhala ngati munthu wothira madzi mu ndiwo zoti zapsa kale. Komanso musapeke kuti usikuwo anakuimbirani n'kunena mawu ake aja ngati sanatero. Zingakome powerenga, inde, koma iye adziwa kuti sizinachitike, ndipo mawu amene amayenera kumuliza misozi yachimwemwe angomusiya akudabwa.

Mwaonanso kuti sindinatchule mayi anu, matenda awo, ngakhale chipatala. Ndachita dala. Kudwalako ndi nkhani ya mayi, si yanu nokha, ndipo akuluakulu ambiri sakondwera kumva kwa anthu a kumpingo kuti kugonekedwa kwawo kwalembedwa pa foni. Amene anali pafupi nanu nthawi imeneyo akangoona Ginnery, usiku ndi fulasiki ya phala, amva zonse, chifukwa aliyense amene anadikirirapo wodwala amadziwa kumene fulasiki ya phala imapita usiku. Amene sanali pafupi amva kuti munali pa vuto ndipo mnzanu anafika, ndipo zimenezo n'zokwanira. Ngati mtima ukufunabe kutchula mayi, kawafunseni kaye, akalola mulembe kuti "usiku umene mayi anadwala" basi.

Ndinayamba ndalemba kuti "pamene ndinalibe wondigwira dzanja", kenako ndinafafaniza, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake. Muli ndi abale amene mwina anafika mochedwerapo, kapena anatumiza ndalama ya mayendedwe, kapena anagona pakhonde la chipatala masiku otsatira. Akawerenga kuti munalibe aliyense, mawu otamanda mnzanu akhala mbama kwa iwo. Pachifukwa chomwecho sindinalembe kuti "anayamba kufika ndi iyeyo", ngakhale zili zoona. Kuyamikira munthu mmodzi pagulu kumavulaza ena mosadziwa mukamuyamikira pomuyerekeza nawo. "Zinthu zitandithina" sikuloza munthu aliyense.

Za mawu otsekera, anthu ambiri amalemba kuti "tsiku labwino lobadwa". Sikulakwa, koma kumamveka ngati zolembedwa pa khadi ya m'sitolo. Poti mwanena kale pamwamba kuti lero akwanitsa zaka, malizani ndi mawu amene mumamuuzadi mukamasiyana: "Mulungu akusunge", "ukhalitse", "ndimakukonda, m'bale wanga". Ngati simutchulana kuti m'bale, lembani chimene mumatchulana, kaya chemwali, kaya mnzanga. Ena amakonda kunena kuti ubwenzi wawo ndi wa ponda apa nane ndipondepo. Mawuwo ndi okoma, koma pano achulukitsa, chifukwa "ine ndidzakudikira" wanena zomwezo m'chinenero cha inu awiri.

Pali zinthu zingapo zimene zingakubwerereni m'mutu mukamalemba, ndipo ndikupemphani muzikane. Kwathu kuno kusereulana timakudziwa, asuweni amanyozana poyera anthu n'kumaseka, koma ngakhale asuweni amadziwa malire, ndipo amasereulana pamaso pa anthu amene akudziwa chibale chawo. Pa Facebook mulibe bwalo lotere. Muli abwana ake, apongozi ake kapena amene adzakhale apongozi, amayi a kumpingo, ndi anthu amene samufunira zabwino. Choncho zaka 30 zisakukokereni ku nthabwala ya "tidya liti mpunga wa ukwati" ngati sanakwatiwe, kapena ya mwana ngati alibe. Nthabwala zimenezi mtsikana wa msinkhu umenewu amazimva kale kwa azakhali, ndipo ambiri amaseka pamaso n'kukalira kuchipinda. Ngongole imene sanakubwezereni, kunenepa kapena kuonda kwake, chibwenzi chakale, mowa wa tsiku lina lija, zonsezo ndi za pa foni ya inu awiri. Ngakhale nambala ya zakayo, mufunseni. Ena amainyadira, ena safuna kuti ilengezedwe. Akakana, "Lero ndi tsiku la Mayi Ginnery" ikugwira ntchito chimodzimodzi.

Kuchedwa nakonso kuli ndi malire ake. N'koseketsa chifukwa ndi chilema chaching'ono chimene pafupifupi tonse mu mzinda uno tili nacho, ndipo aliyense ananenapo kuti "ndatsala pang'ono" ali pakhomo. Koma ngati mnzanuyo analandirapo kalata yomuchenjeza kuntchito chifukwa chochedwa, kapena akufunafuna ntchito panopa, ndipo anthu a kuntchitoko amaona tsamba lake, nthabwalayi ingamupweteke. Zikakhala choncho, onetsani kuti kuchedwako amachitira inu nokha: "Kuntchito amafika m'mawa kwambiri, koma akapangana ndi ine, 'ndili pa Ginnery' amatanthauza kuti madzi akadali pa mbaula." Mwamuteteza, ndipo nthabwala yakomanso, poti zikuoneka ngati mwayi wodikirawo anausungira inu.

Musanaponye, yesani mawuwo m'njira ziwiri. Awerengeni mokweza, ngati kuti mwaimirira paphwando lake mayi ake atakhala kutsogolo. Pamene lilime lakodwa kapena pamene mwachita manyazi, pakonzeni. Kenako atumizeni kwa munthu mmodzi amene amakudziwani nonse koma dzinali salidziwa, osamufotokozera kanthu. Akaseka n'kunena kuti "ndi iyeyodi ameneyo", zatheka. Akafunsa kuti "pa Ginnery panachitika chiyani?", chiganizo chachiwiri sichinagwire ntchito, chikonzeni chomwecho m'malo mowonjezera china. Akangoti "zili bwino" mozizira, kawirikawiri ndiye kuti mwatalikitsa.

Zikaponyedwa, mwini wake akuuzani ngati mwalasa kapena mwaphonya, ngakhale osanena mwachindunji. Munthu amene wakondwa amabwezera nthabwala, mwina alemba kuti "ndikubwera, ndili pa Ginnery", kapena akuimbirani akuseka uku akukunenani. Amene wakhumudwa amangolemba "zikomo" wouma, kapena amakhala chete pamene kwa ena akuyankha. Mukaona zimenezo musadikire mawa. Muimbireni, mufunse, ndipo akanena kuti china chamukhudza, chichotseni osakangana naye zoti mumangocheza. Ndinaonapo paphwando lina mtsikana akuseka limodzi ndi gulu pamene mnzake amafotokoza momwe anamubwerekera diresi, koma pambuyo pake sanayankhulane miyezi ingapo. Wolankhulayo analibe mtima woipa. Anangoiwala kuti m'gululo munali achibale a mwamuna wa mnzakeyo.

Chithunzi nacho chimalankhula limodzi ndi mawuwo. Popeza mawu akumuseka, chithunzi chimulemekeze. Sankhani chimene iye mwini amachikonda, makamaka chimene anachiikapo kale yekha, kapena chimene muli awiri mukuseka. Mukaphatikiza nthabwala ndi chithunzi choti ali m'tulo kukamwa kuli yasa, mwamumenya kawiri, ndipo chiganizo cha fulasiki chija sichikwanitsanso kumudzutsa. Ngati muli ndi chithunzi chakale cha kusukulu chimene mumasekera nonse, chiikeni chachiwiri, chokongola chitsogole.

Mawu 60 aja ndi a pa Facebook. Kumeneko mawu akatalika amadulidwa, wowerenga n'kufunika kudina pa "See more" kuti aone otsalawo, ndipo ambiri sadina. N'chifukwa chake dzina ndi kumasulira kwake ndaziika koyambirira, kuti amene aone pamwamba pokha asatsale ndi funso. Mukafuna kuti aziwerengeka bwino pa foni, dumphani mzere musanalembe "Koma usiku wina", kuti pakhale kampata kopumira nkhani isanatembenuke. Tizithunzi ta nkhope zoseka tichepe, kamodzi pambuyo pa mbaula kakwana, ndipo pa chiganizo cha fulasiki pasakhale kalikonse koseka.

Pa sitetasi ya WhatsApp mpamene pamafunika kudula kwambiri, chifukwa mawu ataliatali amaphimba nkhope ya munthu pachithunzi, anthu amangodutsa ndi chala, ndipo pakatha maola 24 zonse zimachoka. Pamenepo lembani mizere iwiri:

Mayi Ginnery @30. Amati "ndili pa Ginnery" madzi ali pa mbaula, koma tsiku limene ndinamufunadi anafika ndisanamalize kulira. Ndimakukonda iwe.

Ngati "kulira" kukuululitsani zambiri kuposa momwe mukufunira, ikani "ndisanaike foni pansi". Ndipo popeza sitetasi imafufutika, mawu aatali aja mumutumizirenso iye mwini ku foni yake kuti akhale nawo. Kumeneko, kopanda maso a anthu, mukhoza kutchula mayi, chipatala, ndi zonse zimene munaziona usiku uja. Ambiri amathamangira kuponya pakati pa usiku kuti akhale oyamba. Ine ndikanati uthenga wa ku foni yakewo upite usiku ngati mukufuna, koma za pagulu zidikire Loweruka m'mawa, iye atadzuka, kuti aziwerenge yekha asanayambe kuuzidwa ndi anthu ena kuti mwamulemba.